Vesi apa, kolasi apo: kulozera njira makina opeka nyimbo

Mapulogalamu monga Suno, amene anayamba kufala kumapeto kwa 2023, ndi Udio, amene anatuluka mu Epulo 2024, amalandira mawu olembedwa n'kubweza nyimbo yathunthu, ya woimba ndi zoimbira zomwe. Wolemba mawuwo amakhala ndi njira zochepa zouzira makinawo pomwe vesi yathera, pomwe kolasi ilowe ndi pomwe nyimbo itsekedwe. Njira yaikulu ndi ya timawu toikidwa m'mikutiro ya makona pakati pa mawu a nyimbo. Mayankho ali m'munsiwa atsamira kwambiri pa Suno, ngakhale zambiri zimagwiranso ntchito kwina.

Kodi zizindikiro zimenezi n'chiyani, nanga zimalembedwa pati?

Mu Suno mukasankha `Custom`, mumapeza bokosi la mawu a nyimbo, `Lyrics`, ndi lina lofotokozera mtundu wa nyimbo, `Styles`. Zizindikiro zimalowa m'bokosi la mawu, chilichonse pamzere wakewake, pamwamba pa gawo limene chikulitchula. Zodziwika kwambiri ndi `[Intro]` pa poyambira, `[Verse]` pa vesi, `[Chorus]` pa kolasi, `[Bridge]` pa kagawo kosintha mayendedwe kamene kamabwera nyimbo ikapita pakati, ndi `[Outro]` pa gawo lotsekera. Woimba wa m'makinawo sayenera kutchula timawuti. Ntchito ya timawuti n'kusonyeza kuti mizere yotsatirayo iimbidwe mwa mtundu wanji.

Aliyense amene anaimbako kwaya amadziwa pepala lolembedwa kuti vesi yoyamba, kolasi, vesi yachiwiri. Ndi chizolowezi chomwecho, ndipo anthu akhala akulemba mawu a nyimbo motero pa intaneti kwa zaka zambiri makinawa asanabwere.

Ndiye ndikalemba `[Chorus]`, makinawo amamvera ndithu?

Nthawi zambiri amamvera, koma si lamulo. Apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwira, chifukwa mikutiroyo imaoneka ngati malamulo a pakompyuta, oti ukalemba zimachitika ndendende. Makinawa alibe batani lobisika lotchedwa kolasi. Anaphunzira kuchokera ku nyimbo zambirimbiri kuti pamene pali mawu akuti kolasi, nthawi zambiri mawu a woimba amakwera, zoimbira zimachuluka, ndipo mizere imabwerezedwa. Akaona chizindikirocho amapendekera mbali imeneyo. Kupendekera si kukakamizidwa. Zili ngati woimba wotsogolera akakodola woimba gitala pasiteji: wagitala waluso amatsatira, koma ngati mawu amene akumva sakugwirizana ndi kukodolako, amatsatira khutu lake.

Choncho chizindikiro chimagwira bwino ntchito pamene mawu ali pansi pake akugwirizana nacho. Mukalemba `[Chorus]` n'kuika pansi pake mizere isanu ndi itatu yaitali yofotokoza nkhani, yopanda liwu lobwerezedwa, makinawo amalandira mauthenga awiri otsutsana. Chizindikiro chikuti kolasi, mizere ikuti vesi. Kawirikawiri mizere ndiyo imapambana, ndipo mumamva nyimbo yoyenda mulingo umodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, yopanda poti womvera n'kulowa nawo.

Dziwaninso kuti mawu omwewo, ndi zizindikiro zomwezo, satulutsa nyimbo yofanana kawiri. Suno imapereka nyimbo ziwiri nthawi iliyonse mukadina `Create`, ndipo si zachilendo kuti ina imvere zonse pomwe inzake yalumpha gawo lathunthu.

Tiyeni tione chitsanzo. Vesi ndi kolasi zisiyane bwanji polemba?

Tinene kuti mukupeka nyimbo ya munthu amene wakwera basi kupita kumudzi kukaona mayi ake. Chiyambi chake chingalembedwe motere:

```
[Intro]

[Verse 1]
Basi yanyamuka kale
Katundu ali padenga
Ndagula shuga ndi sopo
Zokapatsa mayi anga

[Chorus]
Ndikubwera kwathu (bwera)
Ndikubwera lero (bwera)
Yalani mphasa pakhonde
Ndikubwera kwathu
```

Werengani maphatikizo a mizere ya vesiyo. Ba-si ya-nya-mu-ka ka-le ndi asanu ndi atatu. Ka-tu-ndu a-li pa-de-nga ndi asanu ndi atatunso, ndipo iwiri yotsalayo ndi chimodzimodzi. Mzere uliwonse ukubweretsa chinthu chatsopano: basi, katundu, shuga ndi sopo, mayi. Imeneyo ndiyo vesi, imayendetsa nkhani. Kolasi yafupikitsa mizere, itatu ili ndi maphatikizo asanu ndi limodzi okha, ndipo liwu loti ndikubwera labwera katatu. Ngakhale mutachotsa chizindikirocho, munthu wowerenga akhoza kuloza kuti kolasi ndi iyi. Cholinga n'chimenecho: makinawo apeze umboni uwiri wogwirizana.

Kufanana kwa maphatikizo m'vesi kuli ndi ntchito yake. Makina akaimba mzere woyamba amakhazikitsa kamvekedwe ka utali wina wake, ndipo mizere yotsatira imayenera kulowa m'malo omwewo. Mzere wachitatu ukakhala ndi maphatikizo khumi ndi anayi, woimbayo amauthamangitsa, amameza mawu ena, kapena amausefukiritsa n'kudya malo a kolasi. Chichewa chimatithandiza pano, chifukwa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, ndiye kuwerenga n'kosavuta. Chosamala ndi m woima payekha, monga m'mawu oti m'mawa kapena msika. Ife timamuwerenga ngati phatikizo, koma makina nthawi zina amamumeza. Ngati mzere wina ukuphonya kugunda mobwerezabwereza, yang'anani ngati mulibe m wotereyu.

Vesi yachiwiri itsate muyeso wa yoyamba kuti ilandire kamvekedwe komweko:

```
[Verse 2]
Tadutsa phiri ndi dambo
Fumbi ladzaza malaya
Foni yazima panjira
Koma mudzi ndauona
```

Siyaninso mzere wopanda kanthu pakati pa gawo ndi gawo. N'kanthu kakang'ono, koma kamathandiza kuti malire aoneke.

Nanga liwu loti bwera, bwanji lili m'mikutiro yokhota osati ya makona?

Chifukwa mitundu iwiriyi ili ndi ntchito zosiyana, ndipo kuisakaniza ndi cholakwa chofala kwambiri. Za m'mikutiro ya makona ndi malangizo, siziimbidwa. Za m'mikutiro yokhota zimaimbidwa, koma kawirikawiri ndi mawu a kumbuyo, ovomera wotsogolera. Kwa ife amene nyimbo zathu zambiri, za pachinkhoswe, za kutchalitchi, za pamaliro, zimayenda motsogolera ndi kuvomera, chida chimenechi n'chofunika kuposa zizindikiro zina zonse zokongoletsera. Wotsogolera akuti ndikubwera kwathu, gulu likuvomera kuti bwera.

Vuto limabwera munthu akalemba langizo m'mikutiro yokhota, mwachitsanzo kuuza makina kuti apa gitala alire yekha. Mudzangomva gulu la kumbuyo likuimba langizo lanulo mokoma ndithu, ngati ndi mbali ya nyimbo. Mawu ovomera akhalenso afupi, liwu limodzi kapena awiri. Akatalika amapikisana ndi wotsogolera, ndipo makina amawasandutsa mzere wamba.

Kodi zizindikirozo ndingazilembe m'Chichewa, popeza nyimbo yanga ndi ya Chichewa?

Mawu a nyimbo lembani m'Chichewa, zizindikiro zisiyeni m'Chingerezi. Mphamvu ya chizindikiro imachokera ku kuchuluka kwa nthawi zimene makinawo anachiona chikutsatiridwa ndi kamvekedwe kena, ndipo mawu a Chingereziwo ndi amene anawaona kwambiri. Liwu la Chichewa m'mikutiro ya makona likhoza kungodumphidwa, kapena kuimbidwa ngati mzere woyamba wa gawolo.

Kolasi ikabweranso kachiwiri, ndingangolemba `[Chorus]` osabwerezanso mawu?

Papepala la kwaya timatero, ndipo aliyense amadziwa kuti abwerere pamwamba. M'makina n'kuchita juga. Nthawi zina amabwerezadi kolasi ija, nthawi zina amasiya zoimbira zokha, nthawi zina amang'ung'udza timawu tosamveka, kapena amalumphira ku vesi yotsatira. Koperani kolasi yonse paliponse pamene mukuifuna, liwu ndi liwu, ndi mikutiro yokhota yomwe.

Kufanana kwa mawuko ndi kumene kumachititsa kuti kamvekedwe kabwerenso kofanana. Mukasintha mizere iwiri mu kolasi yachiwiri, musadabwe kumva kuti yapatsidwa kaimbidwe kena. Ngati mukufuna kusintha, sungani kusinthako mpaka kolasi yomaliza, ndipo musinthe mzere umodzi wokha, wa utali womwewo. M'nyimbo yathu ya basi, kolasi yomaliza ingati yalani mphasa ndafika m'malo mwa yalani mphasa pakhonde. Maphatikizo ndi asanu ndi atatu konsekonse.

Chovuta kwambiri akuti ndi mathero. Chimachitika n'chiyani kwenikweni?

Zovuta zake ndi ziwiri, ndipo zimachokera ku chinthu chimodzi: kusagwirizana kwa kuchuluka kwa mawu ndi utali wa nyimbo. Choyamba, nyimbo imadulidwa mwadzidzidzi pakati pa mzere chifukwa nthawi yololedwa yatha mawu asanathe. Chachiwiri, mawu amatha koma nyimbo ikupitirira, ndiye makina amadzaza malowo pobwereza vesi imene simunapemphe, kapena poimba zinthu zomveka ngati chinenero koma zopanda tanthauzo.

Malire a nthawi akhala akusintha. Mtundu wa Suno wotchedwa v3, wa mu Malichi 2024, unkapanga nyimbo ya mphindi ziwiri pa ulendo umodzi. Wa v3.5 unafikitsa mphindi zinayi, ndipo v4.5 wa mu Meyi 2025 unafikitsa zisanu ndi zitatu. Udio poyamba inkapanga tizidutswa ta masekondi pafupifupi 30 toti muzilumikiza. Malire atakula, vuto la kudulidwa linachepa, koma la kupitirira linatsala.

Mungathe kuyerekeza utali musanadine chilichonse. Tinene kuti m'bokosi la `Styles` mwapempha liwiro la `100 bpm`, kutanthauza kugunda 100 pa mphindi. Mzere umodzi wa vesi yathu ukatenga kugunda 8, ndiye kuti watenga masekondi 4.8, ndipo gawo la mizere inayi latenga masekondi 19 ndi pang'ono. Tinene kuti nyimbo yathu ili ndi mavesi awiri, makolasi atatu ndi gawo limodzi la zoimbira zokha: magawo asanu ndi limodzi, masekondi pafupifupi 115. Onjezerani poyambira ndi potsekera, chilichonse masekondi pafupifupi 10. Zonse pamodzi ndi mphindi ziwiri ndi masekondi 15 kapena kuyandikira pamenepo. Makina satsata liwiro lopemphedwa ndendende, koma masamuwa amakupatsani poyezera. Nyimbo ikatuluka ya mphindi zinayi, mukudziwiratu musanaimvere kuti muli mphindi yoposa imodzi ndi theka ya zinthu zimene simunalembe.

Ndiye gawo lotsekera lilembedwe bwanji kuti nyimbo ithe pamene ndikufuna?

Mfundo ija ikubweranso: mawu agwirizane ndi chizindikiro. Nyimbo ikamatha, mizere imafupika, nkhani yatsopano sibwera, ndipo woimba amagwira liwu limodzi la mu kolasi kapena loyandikana nalo. Lembani motero:

```
[Outro]
Ndafika, amayi
Ndafika

[End]
```

Mizere iwiri, wachiwiri waufupi kuposa woyamba, kenako `[End]` pamzere wakewake, ndipo pambuyo pake pasakhale chilichonse. Anthu ambiri amaika `[Outro]` n'kulemba pansi pake mizere inayi yodzaza ngati ya vesi. Makina amaiimba ngati vesi yachitatu, ndipo popeza m'nyimbo zambiri vesi imatsatiridwa ndi kolasi, amabweretsa kolasi imene simunalembe. Ena amasiya `[Outro]` yopanda mawu. Zimenezi zimatheka ngati mukufuna kuti zoimbira zitseke zokha, koma utali wa kutsekako simuulamulira, ndipo kukhoza kutenga masekondi ochepa kapena kuyandikira mphindi.

Palinso `[Fade Out]`, chopempha kuti nyimbo izilale pang'onopang'ono. Ine sindichidalira kwenikweni. Kuzilalitsa nyimbo ndi ntchito imene pulogalamu yaulere ngati Audacity imachita ndendende, pa sekondi imene mwasankha, pomwe makina opeka nyimbo amangoyerekeza. Chimene Audacity singakupatseni ndi mathero enieni, pamene zoimbira zonse zagwera pa kugunda kumodzi n'kukhala chete. Amenewo ndiwo oyenera kuwavutikira ndi `[Outro]` ndi `[End]`.

Zimene zimabwera gawo lotsekera lisanafike zimathandizanso. Nyimbo imene yadutsa vesi, kolasi, vesi, kolasi, zoimbira, kolasi, yatsata njira yodziwika, ndipo makina amayembekezera kale kuti mathero ayandikira. Mukaika `[Outro]` itangotha vesi yoyamba, mukupempha chinthu chosowa m'nyimbo zambiri, ndipo mwayi woti chimveredwe ndi wochepa.

Nyimbo yatuluka bwino koma mathero okha ndi oipa. Ndiyambirenso?

Ayi, chifukwa mukayambiranso mupeza nyimbo ina, ndipo vesi ndi kolasi zimene mwazikondazo sizibweranso. Gwiritsani ntchito `Extend`, imene imapitiriza nyimbo kuchokera pa sekondi imene mwasankha. Mverani bwino mupeze pamene kolasi yomaliza yathera, tinene pa 2:05. Ikani poyambira kupitirizako pamenepo, osati kumapeto kwenikweni kwa nyimbo yoipayo. M'bokosi la mawu fufutani zonse zimene zaimbidwa kale, musiye gawo lotsekera lokha ndi `[End]`. Mukasiya mawu onse, makina akhoza kuyambanso vesi yoyamba pamalo pamenepo.

Samalani ndi pomwe mwadulapo. Mukadula pakati pa liwu, makina amayesa kulimaliza ndipo kawirikawiri amatchula china. Dulani woimba atangotseka mzere, pa mpata wopumira. Ndipo ngati nyimbo inatha bwino pa 2:20 koma n'kudzukanso pambuyo pa kachete pang'ono, palibe chifukwa chowonongera makirediti: ingodulani mchirawo ndi `Crop` kapena ndi pulogalamu ina iliyonse yodulira mawu.

Ndimaona ena akulemba zambiri m'mikutiro, monga mtundu wa mawu a woimba ndi zoimbira. Zimathandiza?

Pang'ono zimathandiza. `[Instrumental Break]` kapena `[Guitar Solo]` pakati pa kolasi yachiwiri ndi yachitatu kawirikawiri zimapereka mpata wa zoimbira zokha, bola pansi pake pasakhale mawu. Kuwonjezera liwu limodzi kapena awiri pa chizindikiro, monga `[Chorus: choir]`, kumatha kukokera gawolo ku mawu a gulu. Koma chiganizo chonse m'mikutiro chimachepetsa mphamvu ya liwu lofunikalo, ndipo chikatalika chimatha kuimbidwa.

Zokhudza nyimbo yonse, monga mtundu wake, liwiro ndi zoimbira zazikulu, malo ake ndi bokosi la `Styles`. Mabokosi awiriwa asatsutsane. Mukapempha nyimbo ya kiyibodi ndi ng'oma zokha kenako n'kulemba `[Guitar Solo]`, mwina gitalayo sabwera, kapena abwera mwachilendo ngati mlendo wosaitanidwa pakati pa nyimbo. Mtundu wa nyimbo umasinthanso tanthauzo la chizindikiro chomwecho. Poyambira pa nyimbo yovinira pamatha kutalika kwambiri kuposa pa nyimbo ya kwaya, ngakhale munalemba `[Intro]` yemweyo.

`[Pre-Chorus]` ndi `[Bridge]` musaziike chifukwa choti zilipo. Nyimbo yathu ya basi siikufuna chilichonse mwa ziwirizi. Ngati mwaika `[Bridge]`, mawu ake asiyane ndi a vesi mu utali ndi m'maganizo, apo ayi mudzangomva vesi yachitatu yovala dzina lina.

Ndingadziwe bwanji kuti vuto ndi chizindikiro, mawu anga, kapena tsoka chabe la ulendo umenewo?

Yerekezani nyimbo ziwiri zimene zatuluka pamodzi. Ngati imodzi yamvera ndipo inzake yaphonya, zolemba zanu zilibe vuto lalikulu, ndi mwayi chabe, ndipo mungatenge yabwinoyo kapena kuyesanso osasintha kanthu. Ngati zonse ziwiri zaphonya pamalo amodzimodzi, vuto lili papepala lanu, ndipo malo akewo akukuuzani poyang'ana.

Kolasi ikamveka ngati vesi, fupikitsani mizere yake ndi kuonjezera kubwereza. Woimba akatchula chizindikiro, onani ngati mikutiro yonse iwiri ilipo, ngati ndi ya makona, ndiponso ngati chizindikirocho chili chokha pamzere. Pafoni n'kosavuta kuiwala kutseka mkutiro kapena kudina wokhota m'malo mwa wa makona. Gawo likalumphidwa, kawirikawiri limakhala lofanana kwambiri ndi loyandikana nalo, kapena mawu onse achuluka kuposa nthawi. Woimba akamathamanga pa mzere umodzi, werengani maphatikizo ake.

Pali vuto lina limene anthu amanamizira zizindikiro pomwe ndi la katchulidwe. Makina akhoza kuwerenga ph wa m'liwu loti phiri kapena mphasa ngati f, motengera Chingerezi. Kusintha `[Verse 2]` sikungakonze zimenezo. Chokonza ndi kusintha kalembedwe ka liwulo m'bokosi la mawu mokha, mwachitsanzo kulemba piri, n'kumvera ngati zayandikira, kapena kusankha liwu lina lopanda vutolo.

Pokonza, sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Mukasintha kolasi, liwiro ndi mathero nthawi imodzi, nyimbo ikakhala bwino simudziwa chimene chathandiza, ndipo ikaipa simudziwa chobwezeretsa. Ulendo uliwonse umadya makirediti, ndipo kumvera nyimbo ziwirizo kumadya bandulo, choncho sungani mawu a ulendo uliwonse penapake, ndi mawu ochepa onena chimene munasintha ndi sekondi imene vuto linamveka.